Galimoto ikangoti "tha!" osazunguza injini: mmene mungayezere sitata ndi solenoidi

Aliyense amene anapakirapo usipa wauwisi padoko mbandakucha amadziwa kuti nsomba siidikira munthu. Mwapakira mabeseni, mwathira ayezi, dalaivala wakhala pampando, watembenuza kiyi, koma galimoto yangoti "tha!" kenako zii. Atembenuzanso, "tha!" Pamenepo ndi pamene alangizi amachuluka. Wina akuti batire laphwa, wina akuti sitata yapsa, wina watola kale mwala woti agogode nawo. Chimene chimapweteka n'chakuti ambiri timagula batire latsopano kapena sitata yatsopano mongoganizira, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo.

Nkhani ino ikufotokoza mmene mungapezere malo enieni amene magetsi akuthera. Tikunena za pikiapu kapena thirakitala ya dizilo yokhala ndi batire limodzi la mavoti 12. Malole akuluakulu ambiri amayendera mavoti 24, ndiye manambala ali munowa sagwirizana nawo. Zida zofunika si zambiri: mita yoyezera magetsi ija amati mulitimita, masipanala, kawaya kakafupi kokutidwa bwino, ndi munthu mmodzi wokhala pa kiyi.

Kodi chimalira "tha!" n'chiyani?

Sitata ndi mota yamphamvu imene imazunguza injini mpaka italira yokha. Pa injini ya dizilo imakoka magetsi ochuluka zedi, maampu 200 kapena 300, nthawi zina kuposerapo. Magetsi otere sangadutse pa kiyi, angasungunule timawaya take. N'chifukwa chake pamsana pa sitata anaikapo kachitini kaja kotchedwa solenoidi.

Solenoidi ili ndi ntchito ziwiri. Mukatembenuza kiyi, magetsi ochepa amayenda pa kawaya kakang'ono n'kulowa m'makoyilo a solenoidi. Makoyilowo amasanduka maginito n'kukoka kachitsulo kamene kali pakati. Kachitsuloko kakamayenda kamakankha kagiya ka sitata kuti kalumane ndi mano a fulayiwilo, ndipo kakafika kumapeto kamagunditsa mbale ya mkuwa pa timikuwa tiwiri. Kugundana kumeneko ndi kumene kumatsegulira magetsi aakulu njira yochoka ku batire kupita m'mota. Phokoso la "tha!" ndi kachitsulo kameneka kakugunda.

Tsono mukamva "tha!" mwadziwa kale chinthu chimodzi: kiyi watuma uthenga ndipo solenoidi yaumva. Chatsala n'kudziwa chifukwa chimene mota sikuzungulira.

Kumbuyo kwa solenoidi kuli malo atatu omangirapo mawaya, ndipo muyenera kuwadziwa. Pali bawuti yaikulu imene imalandira waya wonenepa wochokera ku batire. Imeneyi imalembedwa 30 kapena B, ndipo imakhala ndi magetsi nthawi zonse ngakhale kiyi ali m'thumba. Pali bawuti ina yaikulu imene ili ndi waya wamfupi wolowa m'thupi la mota, nthawi zambiri imalembedwa M. Ndiye pali kachitsulo kakang'ono kolandira kawaya kochokera ku kiyi, kolembedwa 50 kapena S. Magetsi akagwira ntchito amabwerera ku batire kudzera m'thupi la sitata, m'chitsulo cha injini, ndi waya wa ethi umene umalumikiza injini ndi mutu wa negetivi.

Yambani ndi makutu ndi maso

Musanagwire sipanala, imani pafupi ndi injini mnzanu atembenuze kiyi, inu mumvetsere. Phokoso limabwera m'mitundu itatu.

Likakhala lofulumira, "ta-ta-ta-ta", nthawi zambiri magetsi ndi ochepa. Solenoidi ikukoka, mota ikumeza magetsi onse otsala, maginito akufooka n'kusiya, kenako akukokanso, choncho choncho. Apa kayikirani batire kapena mateminolo ake. Likakhala limodzi lolemera, "tha!", solenoidi yakoka n'kugwira, koma mota siikuyenda. Likakhala laling'ono, "ti", lomveka m'bokosi la mafyuzi, imeneyo ndi rilei chabe, solenoidi siinayende n'komwe. Kuti mutsimikize, ikani dzanja pa solenoidi pamene mnzanu akutembenuza kiyi. Ikagunda mudzaimva m'dzanja.

Kenako yatsani nyali zakutsogolo, muziyang'ane pamene kiyi akutembenuzidwa. Zikazimiririka kwambiri kapena kuzimiratu, ndiye kuti batire ndi lofooka, teminolo ndi yakuda, kapena sitata ikukoka magetsi ambiri koma china chaigwira. Zikangowala monga kale osasintha, ndiye kuti magetsi aakulu sakuyenda n'komwe, njira yaduka penapake cha ku sitata. Nyalizi zimangokulozerani mbali yoyambira. Yankho lenileni limachokera pa mita.

Dzitetezeni kaye

Ikani giya pa nyutulo, kokani handibuleki, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Sitata ikadzidzimuka galimoto ili m'giya, imayenda, ndipo woyeza amakhala ali kutsogolo kapena pansi pake. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Mphete ikagunda bawuti ya 30 ndi chitsulo cha injini nthawi imodzi imatentha mpaka kufiira m'kamphindi kochepa, chala chili momwemo. Fodya ndi moto zikhale kutali ndi batire, chifukwa limatulutsa mpweya wophulika. Ndipo kiyi asagwiridwe kupitirira masekondi 10. Pumitsani theka la mphindi musanayesenso, kuti makoyilo asapse.

Muyeso woyamba: batire lenilenilo

Tembenuzani mita ifike pa DCV 20, kapena pa V wokhala ndi kamzere kowongoka. Waya wofiira wa mita ugunde mutu wa pozitivi, wakuda ugunde mutu wa negetivi. Gundani mtovu wa batire weniweniwo, osati teminolo imene yamangidwapo. Batire lodzaza limene lapuma limaonetsa cha m'ma 12.6. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka, ndipo likafika 12.0 kapena kutsikirapo laphwa, liyenera kutchajidwa musanapitirire.

Koma musakhulupirire nambala imeneyi yokha. Batire lokalamba limatha kuonetsa 12.5 lili phee, n'kugwa likangopatsidwa katundu. Choncho siyani mawaya a mita pomwepo, mnzanu agwire kiyi pa malo olizira. Nambala ikatsika pansi pa 9.6, batire silikukwanitsa katunduyo. Yesani ndi batire lina limene mukulidziwa kuti ndi labwino. Nalonso likagwa chimodzimodzi ndipo waya wonenepa ukufunda, vuto si batire ayi: mota yapsa mkati kapena injini yagwira. Za zimenezi tinena kutsogoloku.

Nambala ikakhala pamwamba, cha m'ma 12 ndithu, batire lilibe mlandu. Lisiyeni, mulondole magetsi kumene akupita.

Muyeso wachiwiri: mateminolo ndi mawaya aakulu

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Amayeza kumapeto kwa waya kiyi asanatembenuzidwe, n'kupeza 12.5, basi n'kunena kuti waya ndi wabwino. Koma mita imamwa magetsi ochepa kwambiri, moti ngakhale waya utaduka n'kutsala kaulusi kamodzi, idzaonetsabe 12.5. Zili ngati paipi ya mthirira yotsekeka ndi matope. Mukatseka kumapeto, madzi amadzaza paipi yonse ndipo imaoneka yabwino. Mukatsegula kuti muthirire, amangodontha. Dzimbiri pang'ono lokha pa teminolo, limene nyali sizilimva, limatha kudya mavoti 4 kapena 5 pamene maampu 250 akufuna kudutsa. N'chifukwa chake miyeso yonse yotsatirayi muziichita kiyi atagwiridwa pa malo olizira.

Njira yake ndi kuyeza mavoti amene akutayika pakati pa malo awiri a waya umodzi. Ikani waya wofiira wa mita pa mutu wa pozitivi wa batire, wakuda pa bawuti ya 30 ya solenoidi. Mnzanu agwire kiyi. Waya wabwino umataya osapitirira 0.5. Mukaona 2, 3 kapena 5, magetsi akuthera m'njira. Sunthani waya wakuda uja mubwerere chakumbuyo, muugunditse pa teminolo yeniyeni ya pa batire. Nambala yaikulu ikaonekabe pakati pa mutu wa batire ndi teminolo yake, vuto lili pomwepo, pa mpata wosakwana chala.

Mbali ya ethi iyezedwenso chimodzimodzi. Waya wofiira wa mita ugunde thupi la sitata pa malo opalidwa bwino, wakuda ugunde mutu wa negetivi. Apa payenera kutayika osapitirira 0.3. Magalimoto oyenda kunyanja kuno amavutika kwambiri ndi waya wa ethi, chifukwa madzi a nsomba, ayezi wosungunuka ndi matope amisewu zimadyetsa bawuti imene waya umenewu wamangidwira pa injini kapena pa tchesi. Ngati mulibe mita, tengani waya umodzi wa jampa, mumange mbali ina pa negetivi ya batire, mbali ina pa chitsulo choyera cha injini. Galimoto ikalira, mwapeza wolakwa ndi ethi.

Kukonza kwake n'kosavuta. Masulani negetivi poyamba, kenako pozitivi. Tsukani ufa woyera kapena wobiriwira uja ndi madzi ofunda osungunulamo soda, koma asalowe m'batire. Palani mutu ndi mkati mwa teminolo ndi sandipepala mpaka ziwale. Pomanga yambani ndi pozitivi, negetivi ikhale yomaliza, ndipo mupake girisi pang'ono pamwamba mutamanga kale. Teminolo imene mukutha kuipotoza ndi dzanja siinamangike. Kukhomerapo msomali, monga tizolowera, kumakufikitsani kunyumba tsiku limodzi basi.

Muyeso wachitatu: solenoidi

Mawaya akapezeka abwino, pitani pa solenoidi. Waya wakuda wa mita ukhale pa thupi la sitata, wofiira mugunde nawo malo atatu aja limodzi limodzi, kiyi atagwiridwa.

Yambani ndi kachitsulo ka 50. Payenera kufika mavoti oyandikira a batire, oposa 10. Pakafika 7 kapena 8, solenoidi imatha kugunda koma mopanda mphamvu, osakanikiza timikuwa mokwanira. Pamenepo vuto lili kumbuyo, pa swichi ya kiyi, pa rilei, kapena pa kapulagi kolowa pa 50 kamene kachita dzimbiri. Mungatsimikize ndi kawaya kakafupi kaja. Mutaonanso kuti giya ili pa nyutulo, gunditsani kawayako pa bawuti ya 30 ndi pa 50 kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Sitata ikazunguza injini mwamphamvu, sitata ndi solenoidi n'zabwino, musazimasule. Kakonzeni njira ya kiyi.

Pa 50 pakakhala bwino, yezani pa 30, kenako pa M. Solenoidi yabwino ikagunda, manambala a pa 30 ndi pa M amakhala pafupifupi ofanana, kusiyana kwake osapitirira 0.3. Mukapeza 12 pa 30 koma pa M pali 1 kapena kucheperapo, ndiye kuti timikuwa tamkati tapsa kapena tadyeka. Kachitsulo kakugunda ndithu, koma magetsi sakuoloka. Mukapeza 12 pa 30 ndipo pa M palinso 12 koma mota ili zii, solenoidi yapereka zonse, vuto lili m'mota. Kawirikawiri amakhala mabulashi, timakala tija timene timakhudza mbali yozungulira ya mota, atatha kapena atakakamira m'malo mwake.

Anthu ena amalumikiza mabawuti aakulu awiriwo ndi sikuludalaiva. Zoona, mota yabwino imazungulira, koma moto umene umathetheka umasungunula mazinga a bawuti ndipo ungathe kukuotchani kumaso. Mita ikukuuzani zomwezo popanda ngozi.

Nanga kugogoda kuja? Kugogoda thupi la sitata pang'ono ndi chogwirira cha hamala pamene mnzanu wagwira kiyi kumatha kugwedeza mabulashi akhudzenso, galimoto n'kulira. Zikatero mwaphunzirapo kuti mabulashi ali kumapeto, ndipo muwasinthe sabata yomweyo. Musamenye ndi mphamvu. Masitata ambiri ang'onoang'ono amasiku ano ali ndi maginito mkati amene amasweka ngati mbale yadothi.

Pamene vuto si la magetsi

Tiyeni tibwerere ku chizindikiro chija: "tha!" mmodzi wolemera, nyali n'kuzimiririka, batire labwino n'kugwa pansi pa 9.6, waya n'kufunda. Apa lekani kutembenuza kiyi. Chotsani kiyi, ikani sipanala pa bawuti ya pule yapansi kutsogolo kwa injini, muyese kuzunguza injini ndi dzanja mbali imene imazungulira nthawi zonse. Ya dizilo imalimba, koma imayenda pang'onopang'ono. Ikazungulira kawiri konse, injini ili bwino ndipo mota ya sitata ndi imene yapsa kapena yagwira. Ikakana n'kuima nji, vuto lili m'injini.

Dzifunseni kuti dzulo galimoto inadutsa kuti. Nyengo yadzinja timaoloka mitsinje ndi zithaphwi zakuya, ndipo madzi akalowa kudzera mosefera mpweya amakadzaza silinda. Madzi sapanikizika ngati mpweya, pisitoni ikafika pamenepo imaima. Tsegulani mosefera mpweya muone ngati mwanyowa. Ngati mwanyowa, galimoto imeneyo isakankhidwe kapena kukokedwa kuti ilire, chifukwa mphamvu ya matayala idzapinda zitsulo zogwira mapisitoni, ndipo vuto la tsiku limodzi lidzasanduka logula injini. Itanani amakaniko achotse mapulagi otenthetsera kuti madziwo atuluke.

Nkhani ya pikiapu ya alamu anga

Alamu anga ali ndi pikiapu ya dizilo imene amanyamulira nsomba kuchokera kudoko kupita ku msika wa Mangochi. Kwa mwezi wathunthu inkawavuta m'mawa. Ankatembenuza kiyi, "tha!", kachiwiri "tha!", kachitatu kapena kachinayi n'kulira bwinobwino. Tsiku lina, katundu ali pamwamba, inakaniratu. Atanditumira mwana kudzandiitana, ndinawapeza akupangana zokatenga batire pa ngongole.

Ndinati, "Alamu, taimani kaye, tiyeze tisanalowe m'ngongole."

Iwo anati, "Achimwene, nanga si batireli lakhalitsa? Chaka chachitatu chino."

Batire lili phee linaonetsa 12.5. Atagwira kiyi linatsika pang'ono kufika 12.2, ndipo nyali sizinasinthe. Batire lofooka silichita choncho. Pa 30 ndinapeza 12.1, kusonyeza kuti magetsi akufika pakhomo la solenoidi. Pa 50 panali 11.6, ndiye kuti kiyi ndi rilei zinali bwino. Pa M panali 0.6 yokha. Magetsi ankafika pa bawuti ina koma osaolokera ku inzake, ngakhale solenoidi inkagunda m'dzanja langa. Kukana ndi kuvomera kwa mwezi wonse kuja kunagwirizananso ndi zimenezi, chifukwa mbale ya mkuwa ija imatha kusuntha pang'ono nthawi iliyonse ikagunda, ndipo nthawi zina inkagwera pa malo oyera.

Nsomba zinali zoti zipite. Titaona ndi sipanala kuti injini ikuzungulira momasuka ndipo mosefera mpweya ndi mouma, anyamata apadoko anaikankha, kiyi ali pa malo oyatsa nyali za padashibodi, giya yachiwiri, ndipo inalira. Ndinawauza kuti asazimitse mpaka atatsitsa katundu, ndipo akaime potsetsereka.

Madzulo tinamasula negetivi ya batire, n'kuchotsa sitata. Inali ya mtundu umene umapezeka m'magalimoto ambiri ochokera ku Japan, umene solenoidi yake imatsegulidwa kumbuyo ndi timasikulu titatu. Mkati tinapeza kamkuwa ka mbali ya batire katadyeka mpaka kupyapyala, ndipo mbale inali yakuda ndi yokumbika. Mawa lake anagula timikuwa tiwiri ndi kachitsulo kake kwa ogulitsa zipangizo za galimoto. Poika tinaonetsetsa kuti timikuwa tonse tiwiri takhala molingana, chifukwa kamodzi kakapendekeka mbale imagunda mbali imodzi ndipo kamapsanso msanga. Pa masitata ena solenoidi ndi yomatidwa, siitsegulidwa, ndiye imasinthidwa yonse, komabe mota imakhala yomweyo. Batire lija likugwirabe ntchito.

Kuyesa sitata ili pansi

Musanaibwezere, kapena musanalipire sitata yakale pamsika, iyeseni. Iikeni pansi pouma, muiponde ndi phazi lovala nsapato chifukwa imadumpha, zala ndi zovala zikhale kutali ndi kagiya. Jampa ya negetivi imangidwe pa thupi la sitata, ya pozitivi pa bawuti ya 30. Tengani kawaya mugunditse 30 ndi 50. Kagiya kayenera kutuluka mwamphamvu, mota n'kuzungulira mofulumira ndi liwu losalala, ndipo mukachotsa kawaya kagiya kabwerere pompo. Kagiya kakatuluka mota osazungulira, chotsani jampa ya pozitivi muigunditse pa M kwa kamphindi. Ikazungulira, timikuwa ta solenoidi ndi tolakwa. Ikakhala chete, tsegulani mota muone mabulashi.

Muyeso umenewu uli ndi malire ake. Pansi sitata ilibe katundu, ndiye imakoka magetsi ochepa poyerekeza ndi pamene ikulimbana ndi injini. Sitata ya timikuwa todyeka kapena mabushi otha imatha kuzungulira bwino pansi, n'kukakana ikamangidwa. Choncho wogulitsa akakuonetsani kuti ikuzungulira, pemphani kuti mukaiyesere pa galimoto, ndipo mugwirizane zobweza ikakana. Mukaimanga, yezaninso pa 30 ndi pa M injini ikuzunguzidwa. Manambala awiriwo akayandikana, batire osatsika pansi pa 9.6, mukhoza kupangana ndi asodzi za ulendo wa mawa.